Kukonza PDF yotambalala kuti ikhale danga limodzi lowerengeka pa foni yaing'ono

Tsamba la A4 ndi masentimita 21 m'lifupi. Sikirini ya foni wamba ya mainchi 6.5 ndi masentimita pafupifupi 6.8 m'lifupi. Foni ikamaonetsa tsamba lonse, imalichepetsa katatu, choncho zilembo zimene zinali za saizi 11 papepala zimaoneka ngati za saizi 3 ndi theka. N'chifukwa chake mumakulitsa ndi zala, kenako n'kumakokera tsambalo kumanja ndi kumanzere pa mzere uliwonse. PDF siingadzikonze yokha, chifukwa m'kati mwake chilembo chilichonse chinakhomeredwa pamalo ake. Fayiloyo imangodziwa pamene chilembo chili, koma kawirikawiri sidziwa kuti ndime yayambira apa ndipo yathera apo.

Malangizowa ndi a pulogalamu yaulere ya k2pdfopt, yomwe imagwira pa Windows, Mac ndi Linux. Imaona tsamba ngati chithunzi, n'kupeza madanga, mizere ndi mipata ya pakati pa mawu. Ikatero imadula mawuwo n'kuwayalanso pa masamba ang'onoang'ono ofanana ndi sikirini yanu. Popeza imasuntha zithunzi za mawu, imagwiranso pa mabuku ojambulidwa ndi sikana, ndipo chilembo ngati ŵ kapena chizindikiro cha masamu chimatuluka mmene chinalili.

Yambani ndi rula

Musanatayipe lamulo lililonse, pimani m'lifupi mwa danga la mawu, kuchokera pamene mzere wayambira kufika pamene wathera. Osapima pepala lonse. Ngati muli nalo losindikizidwa, ikani rula. Ngati mulibe, onani pa kompyuta kuti mawu akutenga gawo lanji la tsamba, n'kuwerengetsera pa masentimita 21 aja. Nambala imeneyi ndiyo ikuuzeni njira yotsatira, ndipo ambiri amene amadandaula kuti pulogalamuyi yawawonongera fayilo amakhala kuti anadumpha apa.

Foni ili choimirira ili ndi masentimita 6.8, ikagona ili ndi pafupifupi 15. Tsamba la madanga awiri, ngati la magazini a kafukufuku, danga lililonse limakhala masentimita 8 kapena kuposerapo pang'ono. Danga lotero likalowa pa masentimita 6.8, zilembo za saizi 10 zimatsika kufika pa 8 ndi theka. Zimawerengeka ndithu. Pamenepa mizere musaithyole, ingotengani danga lamanja n'kuliika pansi pa lamanzere. Koma lipoti lolembedwa mu Word, la danga limodzi la masentimita 16, likapanikizidwa pa foni yoimirira zilembo zimatsika kufika pansi pa saizi 5. Limeneli ndiye lofunika kuthyola mizere, pokhapokha ngati mukulolera kuwerenga foni itagona.

Onaninso ngati fayiloyo ili ndi mawu enieni kapena ndi zithunzi chabe. Yesani kusankha liwu limodzi ndi mbewa. Likasankhika, mawu alimo. Tsamba lonse likasankhika ngati chinthu chimodzi, kapena osasankhika n'komwe, ndi la sikana, ndipo lili ndi zofuna zake zimene tifikeko kumunsiku.

Kupeza pulogalamu ndi manambala a foni yanu

Pa Windows, k2pdfopt imapezeka pa `willus.com/k2pdfopt` ndipo ndi fayilo imodzi yosafuna kuikidwa. Iikeni m'foda imodzi ndi PDF yanuyo. Tsegulani fodayo, dinani pamzere wa adiresi pamwamba, tayipani `cmd` n'kudina Enter. Windo lakuda limene latsegukalo ndi molembamo malamulo. Pa Debian ndi Ubuntu tayipani `sudo apt install k2pdfopt`. Dzina la PDF likhale lalifupi, lopanda mipata, monga `lipoti.pdf`, kuti musavutike ndi zizindikiro zotsekera dzina.

Mukaisiya pa zimene inabwera nazo, pulogalamuyi imakonzera chowerengera cha Kindle chakale, cha mapikiselo 560 m'lifupi ndi 735 m'litali. Foni ndi yopyapyala ndiponso yaitali kuposa pamenepo, ndiye muyenera kuiuza manambala atatu: mapikiselo a m'lifupi, a m'litali, ndi kuchuluka kwa mapikiselo pa inchi imodzi.

Titenge foni ya mainchi 6.5 ya mapikiselo 720 ndi 1600, yomwe ndi yofala pa mafoni otsika mtengo. Ili ndi mapikiselo pafupifupi 270 pa inchi. M'lifupi lembani 720. M'litali musalembe 1600, chifukwa pamwamba pali mzere wa nthawi ndi batire, pansi pali mabatani, ndipo pulogalamu yowerengera imatenganso malo ake. Lembani 1400. Ngati foni yanu ndi ya mainchi 6.5 omwewo koma ya mapikiselo 1080 ndi 2400, gwiritsanibe ntchito 720, 1400 ndi 270. Kukula kwa galasi n'chimodzimodzi, ndipo manambala aakulu angonenepetsa fayilo popanda phindu looneka kwenikweni.

Lipoti la danga limodzi: kuthyola mizere

Tiyerekeze kuti muli ndi lipoti la masamba 40 a A4, zilembo za saizi 11, danga la masentimita 16, dzina la lipoti pamwamba pa tsamba lililonse, nambala ya tsamba pansi, ndi matebulo pa masamba 22 mpaka 24. Musayambe ndi masamba onse. Yesani ochepa kaye, ndipo musankhe apakati, chifukwa chikuto ndi tsamba la zamkatimu sizikuuzani chilichonse.

```
k2pdfopt lipoti.pdf -w 720 -h 1400 -dpi 270 -col 1 -p 5-8 -o yesero1.pdf -ui- -x
```

`-col 1` akuuza pulogalamu kuti isafunefune danga lachiwiri. Mukapanda kulemba zimenezi imayembekezera madanga mpaka awiri, ndipo nthawi zina imaona mpata wapakati pa mndandanda kapena tebulo n'kuganiza kuti ndi malire a madanga. `-p 5-8` ndi masamba oyeserawo, `-o` ndi dzina la fayilo yatsopano, pomwe `-ui-` ndi `-x` akuletsa mafunso ndi kudikira ikamaliza. Kuthyola mizere imachita yokha, simufunika kukupempha. Fayilo yoyamba ija sikhudzidwa.

Tumizani `yesero1.pdf` pa foni n'kuiona pomwepo, osati pa kompyuta. Pa sikirini yaikulu chilichonse chimaoneka bwino. Ikani pulogalamu yowerengera kuti tsamba lizidzaza m'lifupi mwa sikirini. Ndi `-dpi 270`, zilembo zikhala za kukula kumene zinali papepala, ndipo mzere uliwonse utenga zilembo pakati pa 35 ndi 40.

Ngati zachepa, kwezani nambala ya `-dpi`. Ambiri amasokonezeka apa chifukwa amaganiza kuti nambalayi ndi ya kusalala kwa chithunzi. Zoona zake n'zakuti mapikiselo a m'lifupi akadali 720, ndiye mukalemba 340 m'malo mwa 270, mukunamiza pulogalamu kuti sikirini ndi yaing'ono kuposa mmene ilili. Imaika mawu ochepa pa mzere, ndipo pa foni amaoneka aakulu, ngati a saizi 14. Musapitirire kwambiri pamenepo, makamaka pa zolembedwa m'Chichewa. Pulogalamuyi imathyola mzere pa mpata wa pakati pa mawu basi. Liwu lalitali ngati "akanatithandizanso" likakhala pa mzere wokwana zilembo 25, limatsikira pansi lonse n'kusiya mzere wapamwamba uli theka, ndipo tsamba limadzaza mipata.

Chotsani mutu ndi nambala za masamba

Mukawerenga yesero loyambalo mupeza kuti pakati pa chiganizo palowa nambala, kenako dzina la lipoti, kenako chiganizo n'kupitirira. Pulogalamu sidziwa kuti zimenezo ndi zokongoletsa tsamba. Kwa iyo ndi mizere ngati ina yonse. Mankhwala ake ndi kudula m'mphepete mwa tsamba loyambirira isanayambe ntchito:

```
k2pdfopt lipoti.pdf -w 720 -h 1400 -dpi 300 -col 1 -mt 0.8 -mb 0.8 -sm -p 5-8 -o yesero2.pdf -ui- -x
```

`-mt` amadula pamwamba, `-mb` pansi, ndipo manambalawo ali m'mainchi. Inchi imodzi ndi masentimita 2.54, choncho 0.8 ndi pafupifupi masentimita awiri. Pimani kuchokera m'mphepete mwa pepala kufika pansi pa mutuwo, n'kuwonjezera pang'ono. Mukachepetsa, theka la zilembo za mutu limatsala ngati timadontho. Mukapitiriza, mzere woyamba wa mawu enieni umasowa, ndipo limeneli ndi vuto loopsa chifukwa silidzionetsa. Fayilo imaoneka yoyera bwino, koma tsamba lililonse lataya mzere. Pansi pa tsamba samalani ndi mawu a m'munsi, poti amakhala pafupi kwambiri ndi nambala ya tsamba.

Apa m'pamene `-sm` amathandiza. Amatulutsa fayilo ina yokhala ndi `_marked` m'dzina lake, yoonetsa masamba oyambirira atajambulidwa mabokosi a mitundu kuzungulira zonse zimene pulogalamu yatola. Chimene chili kunja kwa mabokosi sichinalowe m'fayilo yatsopano. Itseguleni nthawi zonse mukasintha manambala odulira. Ikaoneka bwino, chotsani `-sm` ndi `-p`, kuti masamba onse akonzedwe.

Musadabwe ndi kuchuluka kwa masamba. Mawu a tsamba limodzi la A4 amadzaza masamba a foni anayi kapena asanu, ndiye lipoti la masamba 40 lituluka ndi masamba oposa 160. Nambala zakale za masamba zapita, choncho ngati mudzafuna kutchula tsamba m'ntchito ya kusukulu kapena pamsonkhano, sungani fayilo yoyamba. Kuwonjezera `-bp` kumachititsa kuti tsamba lililonse lakale liziyambira pa tsamba latsopano, zomwe zimathandiza kulondola pamene muli, koma zimasiya malo ambiri opanda kanthu.

Matebulo

Tebulo silithyoleka. Tanthauzo lake lili m'kuima kwa manambala, iyi pansi pa iyo. Pulogalamu ikathyola mizere yake, nambala za danga lomaliza zimagwera pansi pa danga loyamba, ndipo owerenga angatenge chiwerengero cha chaka china n'kuchiyesa cha chaka china. Nthawi zina imalitenga ngati chithunzi n'kulichepetsa lonse mpaka osawerengeka. Zonse ziwiri sizabwino, koma choyambacho n'choipa kwambiri chifukwa chimanamiza.

Gawani ntchitoyo patatu. Masamba 1 mpaka 21 ndi 25 mpaka 40 akonzeni monga tafotokozera, muwatche `a.pdf` ndi `c.pdf`. A matebulo achitireni izi:

```
k2pdfopt lipoti.pdf -mode fw -w 720 -h 1400 -dpi 270 -p 22-24 -o b.pdf -ui- -x
```

`-mode fw` sathyola mzere uliwonse. Amachotsa malo oyera a m'mbali, n'kugoneka tsamba kuti m'lifupi mwake mutsatire mbali yaitali ya foni. Danga la masentimita 16 likagona pa mapikiselo 1400 aja, omwe ndi masentimita pafupifupi 13, zilembo za saizi 11 zimakhala pafupifupi 9, ndipo tebulo limakhala lathunthu. Mukafika pa masamba amenewa, ingotembenuzani foni, koma muyambe mwatseka kuzungulira kwa sikirini, apo ayi foni izitembenuzanso tsamba mukaipendeketsa. Lembani `-mode` patsogolo pa zosankha zina, chifukwa amasintha zinthu zingapo nthawi imodzi ndipo angafufute zimene munalemba m'mbuyo mwake.

Kulumikiza zidutswazo kumatheka ndi pulogalamu yaulere ya qpdf:

```
qpdf --empty --pages a.pdf b.pdf c.pdf -- lonse.pdf
```

Ngati fayilo yonse ndi matebulo, masamu ataliatali kapena ndakatulo, musavutike n'kuthyola. Ikonzeni yonse ndi `-mode fw` muziwerenga foni itagona.

Tsamba la madanga awiri

Ili ndiye losavuta, ndipo zotsatira zake ndi zabwino kuposa zina zonse:

```
k2pdfopt pepala.pdf -mode 2col -w 720 -h 1400 -dpi 270 -mt 0.7 -mb 0.7 -sm -p 2-4 -ui- -x
```

Popanda `-o`, fayilo yatsopano itchedwa `pepala_k2opt.pdf`. M'njira imeneyi, monganso mu `-mode fw`, pulogalamu sisandutsa mawu kukhala zithunzi. Imadula zigawo za PDF yeniyeniyo n'kuzisanja, choncho zilembo zimakhalabe zakuthwa ngakhale mutazikulitsa, ndipo fayilo sinenepa kwambiri. Mtengo wake ndi wakuti mizere siingathyoledwe. Kuthyola kumatheka pokhapokha masamba akasandutsidwa zithunzi.

Chizindikiro chakuti madanga sanapezeke n'chakuti chigawo china chimatuluka ndi tizilembo tating'ono, madanga onse awiri ali pambali ndi pambali ngati kale. M'fayilo ya `_marked` muona bokosi limodzi lazinga onse awiri. Zifukwa zake zimakhala zitatu. Mpata wapakati ungakhale wopyapyala kuposa 0.1 inchi imene pulogalamu imayembekezera, ndiye yesani `-cg 0.05`. Madanga angakhale aafupi, mwina chifukwa chithunzi chachikulu chadula tsamba pakati. Pulogalamu imafuna danga lotalika inchi imodzi ndi theka, koma mungatsitse ndi `-ch 0.5`. Kapena mpatawo suli pakati pa tsamba, monga pamene danga lina ndi lalikulu kuposa linzake. Imafufuza gawo limodzi mwa magawo atatu apakati basi, ndipo `-cgr 0.6` amakulitsa malo ofufuzawo. Sinthani chimodzi pa nthawi imodzi. Mukasintha zonse pamodzi simudziwa chimene chathandiza, ndipo kutsitsa kwambiri `-cg` kumachititsa kuti mipata wamba ya pakati pa mawu, ikangoima molunjikana, iyesedwe malire a danga.

Mutu wa pepala ndi chidule zimene zimatambalala tsamba lonse zituluka zazing'ono m'njira imeneyi. Ngati zikukuvutani, kapena ngati saizi 8 ndi theka ndi yochepa kwa maso anu, siyani `-mode 2col` mulembe `-col 2` ndi `-dpi 320`. Pamenepo ilekanitsa madanga n'kuthyolanso mizere yake.

Zojambulidwa ndi sikana

Mapepala akale a mayeso ndi manotsi ojambulidwa amabwera ndi mavuto awo. Tsamba lopendekeka ndi loyamba. Pulogalamu imapeza mizere pofunafuna kanjira koyera kodutsa kuchokera kumanzere mpaka kumanja. Tsamba likapendekeka pang'ono chabe, kanjirako kamatsekeka, ndipo ndime yonse imatengedwa ngati chithunzi chimodzi n'kuchepetsedwa. `-as` amawongola tsamba lopendekeka mpaka madigiri anayi. Lachiwiri ndi mthunzi wakuda wa m'mphepete, wochokera pamsana pa buku. Umalumikiza mizere yonse kukhala chinthu chimodzi. Yesani `-ac`, ndipo akalephera dulani nokha ndi `-ml` kumanzere ndi `-mr` kumanja.

Mukaona mawu akudulidwa pakati, theka pa mzere uwu theka pa winawo, pulogalamu ikutenga mpata wa pakati pa zilembo ngati wa pakati pa mawu. Zimachitika kwambiri pa zolembedwa ndi taipilaita. Lembani `-ws 0.35`, ndipo vuto likapitirira kwezani pang'ono. Mizere ikamakana kuthyoka, tsitsani kufika cha pa 0.15. Zolemba pamanja ndi masamba ojambulidwa ndi foni ali opindika sizikonzeka bwino ndi njira imeneyi. Kwa zimenezo `-mode fw` ndi wokwanira.

PDF yoyamba ikakhala ndi mawu enieni, pulogalamu imawasunga mobisika kuseri kwa zithunzi, choncho mungafufuzebe liwu m'fayilo yatsopano. Ya sikana ilibe mawu otero pokhapokha muwonjezere `-ocr t`, amene amagwiritsa ntchito Tesseract, pulogalamu yozindikira zilembo pa zithunzi, ndipo amafuna fayilo ya chinenero, monga `eng.traineddata`. Ntchito imachedwa kwambiri mukatero. Fayilo ya Chingelezi ikamawerenga Chichewa imalakwitsa mawu ena, koma zolakwikazo zili m'mawu obisika aja. Zimakhudza kufufuza ndi kukopera, osati zimene maso akuona.

Kukula kwa fayilo ndi mitundu

Fayilo yothyoledwa mizere ndi zithunzi zokhazokha, ndiye kawirikawiri imalemera kuposa yoyamba, nthawi zina kangapo. Ngati muitumiza pa WhatsApp kwa anthu ogula bandulo yochepa, onani kukula kwake kaye. Pulogalamu imasunga tsamba m'mitundu 16 ya phulusa. `-bpc 2` amatsitsa kufika pa inayi ndipo mawu amawerengekabe bwino. `-bpc 1` amasiya chakuda ndi choyera basi, fayilo imapepuka kwambiri koma zilembo zimaoneka zamanomano ndipo zithunzi zimawonongeka. Mitundu yeniyeni imabwera mukawonjezera `-c`. Ichiteni pokhapokha pali mapu kapena magirafu amene tanthauzo lake lili m'mitundu, chifukwa mzere wofiira ndi wobiriwira akasanduka phulusa amafanana.

Fomu yofuna kudzaza kapena chikalata chosainidwa musazidutsitse m'njira imeneyi. Malo olembamo amafa, ndipo chotulukacho sichikhalanso chikalata chija.

Ngati mulibe kompyuta

Pulogalamu yowerengera ya KOReader, yomwe pa Android imapezeka kudzera pa F-Droid, malo otengerako mapulogalamu aulere, ili ndi makina omwewa a k2pdfopt m'kati mwake. Tsegulani PDF, gundani m'munsi mwa sikirini, ndipo pa zosankha zimene zatulukazo yatsani `Reflow`. Mukatero mungasinthe kukula kwa zilembo, ndipo palinso posankha chiwerengero cha madanga ndi podulira m'mphepete mwa tsamba. Imakonza tsamba lililonse pamene mukulitsegula, choncho pa foni yofooka pamakhala kadikiridwe potembenuza, ndipo sipatuluka fayilo yoti mugawire ena. Zimene tanena za matebulo zikugwiranso ntchito pano: mukafika pa tebulo zimitsani `Reflow`, gonekani foni, mukadutsa muyatsenso.

Ena amasandutsa PDF kukhala EPUB, mtundu wa fayilo ya mabuku umene mizere yake imadziyala yokha pa sikirini, pogwiritsa ntchito pulogalamu ya Calibre. Pa buku la nkhani la danga limodzi, la mawu enieni, zimatheka ndipo fayilo imakhala yopepuka, zilembo n'kumasinthika mmene mukufunira. Pa madanga awiri mizere ya kumanzere ndi ya kumanja imasakanikirana, ndipo pa za sikana sipatuluka mawu oti ayalidwenso. Koma ngati amene analemba lipotilo mukumudziwa, mupempheni fayilo ya Word. Mukaika pepala pa masentimita 9 m'lifupi ndi 16 m'litali, m'mphepete theka la sentimita, n'kusunganso ngati PDF, mizere idzithyola yokha ndipo mawu akhala enieni. Matebulo otambalala okha ndi amene mudzafunike kuwakonza ndi manja.